Amisiri atseka khitchini ndi chipinda: momwe mungachepetsere lendi popanda kukangana ndi mwininyumba

Nkhani yake imayamba ndi mawu ofatsa. Alandilodi amabwera Loweruka m'mawa n'kunena kuti, "Lolemba kubwera anyamata kudzasintha malata, ndi ntchito ya masiku ochepa chabe." Inu mumavomera chifukwa denga lakhala likudontha kuyambira dzinja latha. Pakatha milungu itatu mumapezeka mukuphikirabe pambaula kuseri kwa nyumba, ana akugona pabalaza, ndipo pa 1 mwezi winawo mwininyumba akufuna lendi yonse osachotsapo ngakhale tambala.

Ambiri amalakwitsa m'njira ziwiri. Ena amalipira yonse n'kumadandaulira anzawo ku mpopi. Ena amangodula okha ndalama imene akuganiza kuti ndiyoyenera, n'kusanduka angongole. Njira imene imathandiza ili pakati: kuwerengera bwino gawo la nyumba limene latsekedwa ndi masiku ake, kenako kugwirizana ndi mwininyumba polemba, ndalama isanadulidwe.

Zoyenera kukhala nazo

Pepala la mgwirizano wa lendi ngati lilipo, malisiti kapena mauthenga a Airtel Money kaya Mpamba a miyezi itatu yapitayi, tepi yoyezera (amisiri omwewo amakhala nayo), foni yojambula zithunzi, kope ndi cholembera. Pezaninso munthu mmodzi wamkulu amene angakhale mboni, makamaka woyandikana naye amene si wachibale wanu ndiponso sachita lendi kwa mwininyumba yemweyo. Tenanti mnzanu wa pabwalo lomwelo angakumvereni chisoni, koma tsiku lofunika umboni adzakumbukira kuti nayenso amagona m'nyumba ya munthuyo.

1. Werengani mgwirizano musanatsegule pakamwa

Fufuzani zinthu zitatu: amene ali ndi udindo wokonza denga, makoma ndi mapaipi, ngati pali mawu onena za kuchepetsa kapena kuimitsa lendi nyumba ikakhala yosakhalika, komanso ngati pali mawu oletsa kuchotsera kanthu pa lendi. Mapangano ambiri a mashopu ndi maofesi amakhala ndi ndime yoimitsa lendi, koma werengani mosamala, chifukwa nthawi zambiri imangonena za moto, mphepo yamkuntho kapena madzi osefukira, osati kukonza kwa masiku onse.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu sakonda kumva. Malamulo a lendi kwathu kuno anatengera kwambiri malamulo a ku Mangalande, ndipo kumeneko udindo wolipira lendi umaima pawokha: mwininyumba akalephera mbali yake, ngongole yanu siifa yokha. Chimene muli nacho ndi ufulu wokhala m'nyumba yonse imene munabwereka popanda kusokonezedwa mopyola muyeso, ndiponso ufulu wopempha chipukutamisozi ufuluwo ukaphwanyidwa. Choncho ngati mgwirizano sukunenapo kanthu, lendi imachepa mwa njira ziwiri zokha: mwagwirizana, kapena khothi lagamula.

Ngati munangogwirana chanza popanda pepala, monga zimakhalira m'nyumba zambiri ku Chikanda, Mpondabwino ndi Chinamwali mumzinda wa Zomba, mgwirizano ulipobe. Malisiti anu ndiwo umboni wa kuchuluka kwa lendi.

Chenjezo: ngati chowonongekacho munawononga ndinu, mwachitsanzo mwana wanu anatsekereza chimbudzi kapena mbaula inayatsa siling'i, musapitirize ndi malangizowa. Pamenepo wolipira ndinu.

2. Jambulani ndi kulemba amisiri asanafike

Jambulani chipinda chilichonse chimene chidzatsekedwe, katundu wanu ali momwe amakhalira. Jambulaninso nambala za pa mita ya madzi ndi mayunitsi otsala pa mita ya magetsi. Amisiri amasakaniza simenti ndi madzi a pampopi wanu, amalumikiza makina odulira zitsulo pa magetsi anu, ndipo bilu ya Southern Region Water Board ikadzabwera itakwera palibe adzakumbukire kuti madziwo anapita kosakanizira simenti.

M'kope muja lembani mzere umodzi tsiku lililonse: deti, zipinda zimene simunathe kugwiritsa ntchito, ndiponso ngati amisiri anabwera kapena ayi. Masiku amene sanabwere ndiwo ofunika kwambiri. Ntchito zambiri zimachedwa osati chifukwa ndi zazikulu, koma chifukwa malata atha, mmisiri wapita kumaliro ku Jali, kapena mwininyumba akudikira malipiro a mwezi. Chipinda chopanda denga n'chotsekedwa, kaya mwakhomedwa msomali tsikulo kaya ayi.

3. Yezani gawo limene latsekedwa

Apa m'pamene pagona nkhani, ndiye tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza, chimene titsatire mpaka kumapeto. Banja likuchita lendi nyumba ya zipinda zogona zitatu ku Matawale pa K180,000 pamwezi, ndipo limalipira miyezi itatu nthawi imodzi, K540,000. Chiswe chadya mapulanga a denga mbali ya kumbuyo. Mwininyumba akufuna kusintha mapulangawo, malata ndi siling'i mu Seputembala mvula isanayambe, ndipo mbaliyo kuli khitchini ndi chipinda chachikulu chogona.

Yezani m'litali ndi m'lifupi mwa chipinda chilichonse, n'kuchulukitsa manambala awiriwo. Chipinda cha mamita 4 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi chimapereka 16. Khitchini ya mamita 4 ndi 2.5 imapereka 10. Chitani chimodzimodzi ndi nyumba yonse. M'chitsanzo chathu zipinda zina ziwiri zapereka 12 chilichonse, balaza 28, bafa ndi chimbudzi 8, ndipo kanjira ka m'kati pamodzi ndi sitolo 14. Zonse pamodzi zakwana 100. Nyumba yanu siidzakwana 100 ndendende. Gawani nambala ya malo otsekedwa ndi nambala ya nyumba yonse, n'kuchulukitsa ndi 100, mupeza maperesenti ake.

Kwa banja lathuli, malo otsekedwa ndi 16 kuphatikiza 10, ndiwo maperesenti 26.

Koma tepi siidziwa kuti nsima imaphikidwira kuti. Khitchini ndi yaing'ono, komabe ikatsekedwa banja lonse limamva: mumagula makala pomwe munkaphikira magetsi, mumatsuka mbale m'beseni pabwalo, chakudya chimakhala pansi pa tebulo pabalaza. Sitolo ya kukula komweko itatsekedwa simungavutike chotere. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti muyeso wa tepi ukhale poyambira chabe, ndipo khitchini, bafa ndi chimbudzi muziziwerengera pafupifupi kawiri kukula kwake. Si lamulo lolembedwa penapake, ndi njira yokambirana imene munthu woganiza bwino amaimvetsa. Potero banjali lingayambe ndi kupempha 20 pa khitchini ndi 16 pa chipinda, pamodzi 36.

Chimbudzi chili ndi nkhani yakeyake. Ngati ndi chimodzi chokha ndipo chatsekedwa popanda china chogwiritsa ntchito, musachiyeze n'komwe. Nyumba yopanda chimbudzi siikhalika, ndipo masiku amenewo mukambirane za lendi yonse ya tsikulo kapena malo ena ogona. Ngati pabwalo pali chimbudzi chokumba chimene mungagwiritse ntchito, vuto lachepa ndipo pempho lanu lichepenso.

Kwa a mashopu pafupi ndi msika wa Zomba kapena depoti, kutsogolo kwa shopu ndi kumene kumabweretsa ndalama. Kumbuyo kosungira katundu kukatsekedwa mumagulitsabe; khomo likatchingidwa ndi makwerero ndi mulu wa mchenga, kasitomala amangodutsa ngakhale m'kati monse muli bwinobwino. Pamenepo tengani kope la malonda la miyezi yapitayo kuti lisonyeze kusiyana kwake.

4. Sandutsani maperesenti kukhala ndalama ya tsiku

Gawani lendi ya mwezi ndi masiku a mwezi umene ntchito ikuchitika. Seputembala ali ndi masiku 30, ndiye K180,000 ikupereka K6,000 patsiku. Peresenti imodzi ya ndalama imeneyi ndi K60. Muyeso wa tepi wa 26 ukupereka K1,560 patsiku, pomwe pempho la 36 likupereka K2,160 patsiku. Manambala awiriwa ndiwo malire a kukambirana kwanu: woyamba ndi pansi pamene simuyenera kutsikira msanga, wachiwiri ndi pamene mukuyambira.

Chipinda chilichonse chikhale ndi mtengo wake wa tsiku. Musaphatikize zonse m'nambala imodzi, chifukwa zipinda sizibwezedwa tsiku limodzi.

Chenjezo lalikulu: musavomere ndalama yoduliratu. Mwininyumba akati, "Ndikuchotserani K20,000 basi tithane," ndiye kuti kuchedwa konse kwa amisiri kwagwera inu. Mtengo wa tsiku umamupatsa iyeyo chifukwa chothamangitsira amisiri ake, popeza tsiku lililonse lowonjezera likutuluka m'thumba mwake.

5. Kambiranani pamaso, kenako lembani

Nkhani ya ndalama isayambire pa WhatsApp. Pitani kwawo kapena apempheni abwere, muwapatse mpando, muyambe ndi kuthokoza kuti akukonza denga, chifukwa n'zoona kuti ambiri sakonza n'komwe. Kenako mungathe kunena chonchi: "Bambo, ntchitoyi ndi yabwino ndipo tithandizana kuti iyende. Koma masiku amenewa khitchini ndi chipinda chachikulu sitizigwiritsa ntchito. Ndayeza ndipo ndawerengera, taonani papepalapa. Ndimati tigwirizane zochotsera amisiri asanayambe."

Yankho lake mukulidziwa kale: "Mayi, ndalama zonsezi ndikuwononga chifukwa cha inu nomwe, ndiye ndikuchotsereninso?" Musakwiye. Denga latsopano ndi la mwininyumba ndipo lidzakhalapo inu mutachoka. Lendi imene mumalipira ndi ya nyumba yonse, ndipo kwa masiku amenewa mulandira gawo lake chabe. Nenani zimenezi modekha, n'kubwerera ku manambala. Munthu amakana mosavuta mawu akuti "tichotsereniko," koma K60 yochulukitsa ndi 20 amayamba kuiwerengera m'mutu, ndipo akayamba kuwerengera ndiye kuti mwayamba kukambirana.

Tinene kuti banja la ku Matawale ndi mwininyumba akumana pakati: 15 pa khitchini ndi 15 pa chipinda, kutanthauza K900 patsiku pa chilichonse. Mawu olemba safunika kukhala a maloya. Okwanira ndi awa:

"Ife awiri tagwirizana kuti kuyambira pa 3 Seputembala khitchini ndi chipinda chachikulu zitsekedwa chifukwa cha kukonza denga. Pa tsiku lililonse limene khitchini yatsekedwa, lendi ichepa ndi K900. Pa tsiku lililonse limene chipinda chatsekedwa, lendi ichepa ndi K900. Chipinda chidzatengedwa kuti chabwezedwa pamene denga, siling'i, magetsi ndi chitseko zili m'malo, zinyalala zachotsedwa, ndipo tonse tasaina. Ndalama yonse idzachotsedwa pa lendi yolipira pa 1 Okutobala. Ndalama yochotsedwayi si ngongole, ndipo siidzatengedwa pa dipoziti."

Onjezerani mzere wa madzi ndi magetsi a amisiri, kuti mwininyumba adzabweza zopitirira pa zimene mumagwiritsa ntchito mwezi wamba, ndi mzere wina wa katundu wanu ngati angawonongeke ndi amisiri kapena mvula. Sainani nonse pamodzi ndi mboni, mapepala awiri, aliyense lake, ndipo jambulani lanu pafoni.

Mzere wa dipoziti uja musausiye. Ndi pamene alandilodi ena amabwezera: amavomera lero ndi nkhope yosekerera, koma tsiku losamuka amakuuzani kuti dipoziti inalowa m'malo mwa lendi ya Okutobala imene "simunamalize."

Onetsetsaninso kuti wosainayo ndi mwininyumba weniweni kapena munthu amene anapatsidwa mphamvu. Nyumba zambiri mu Zomba eni ake amakhala ku Blantyre, ku Lilongwe kapena kunja, ndipo wotolera lendi ndi mphwake kapena ejenti. Mphwake akhoza kuvomera chilichonse kuti muchoke pakhomo pake. Pemphani kuti mwiniwake atsimikize, ngakhale ndi uthenga wapafoni wobwereza manambala aja, ndipo uthengawo muusunge.

Ngati amisiri anayamba kale musanakambirane, musataye mtima. Lembani kalata lero yotchula tsiku limene anayamba ndi zipinda zotsekedwa, n'kupempha kuti kuwerengera kuyambire tsiku limenelo. Mphamvu zanu zokambirana zachepako, koma kukhala chete mpaka ntchito itatha kumaoneka ngati munavomera.

6. Tsekani kuwerengera tsiku lobwezedwa chipinda

Ku Matawale kuja mwininyumba ananena kuti ntchito itenga milungu iwiri. Khitchini inabwezedwa msanga: inatsekedwa kuyambira pa 3 mpaka pa 12 Seputembala, masiku 10, ndiwo K9,000. Chipinda chachikulu chinadikira matabwa a siling'i ndi penti mpaka pa 26, masiku 24, ndiwo K21,600. Zonse pamodzi K30,600. Akanavomera K20,000 yoduliratu ija, akanataya K10,600.

Powerenga masiku, phatikizani tsiku loyamba ndi lomaliza lotsekedwa. Kuchokera pa 3 mpaka pa 12 ndi masiku 10, osati 9. Anthu amangochotsera 3 pa 12 n'kutaya tsiku limodzi. Ntchito ikalowa mwezi wina wa masiku 31, mtengo wa tsiku umasintha pang'ono, koma musavutike nazo: gwiritsani mtengo umene munalemba papepala mpaka ntchito ithe.

Musafulumire kuvomera kuti chipinda chabwezedwa chifukwa malata akhomedwa. Yatsani getsi, tsekani chitseko ndi mawindo, yang'anani m'mwamba masana ngati kuwala kukulowa m'mabowo a misomali. Penti wamafuta akangopakidwa, chipinda sichigoneka usiku womwewo, makamaka kwa ana ndi munthu wa chifuwa cha mphumu. Mukangolowetsa bedi, mwavomera, ndipo kuwerengera kwatha.

7. Lipirani yotsalayo pa tsiku lake, ndipo lisiti linene zoona

Pa 1 Okutobala banjali likulipira K540,000 kuchotsa K30,600, ndiyo K509,400. Lipirani tsiku lomwelo, osachedwa. Pemphani kuti lisiti lilembedwe kuti lendi ya Okutobala mpaka Disembala yalipiridwa yonse, K509,400 ndalama ndi K30,600 yochotsera malinga ndi mgwirizano wa tsiku lakuti. Lisiti longolemba K509,400 lingadzawerengedwe ngati malipiro osakwanira. Ngati mwatumiza pafoni, tsatizani uthenga wofotokoza zomwezo.

Ngati mukusamuka lendi ina isanafike, palibe pochotsera, ndiye lembani kuti ndalamayo idzabwezedwa pamanja pamodzi ndi dipoziti.

8. Mwininyumba akakaniratu

Pitirizani kulipira lendi yonse, koma nthawi iliyonse perekani kalata yonena kuti mukulipira popanda kusiya pempho lanu la ndalama yakuti pa masiku akuti. Zimawawa kulipira yonse mukuphikira panja, koma mukatero mumakhala wodandaula, osati wodandaulidwa. Wolipira lendi mochepa payekha amapatsa mwininyumba chifukwa chomupatsira notisi, ngakhale kuyambitsa ndondomeko yolanda katundu pa ngongole ya lendi.

Kenako pemphani munthu amene nonse mumamulemekeza, mfumu ya m'dera kapena mkulu wa mpingo, kuti akukhazikeni pansi. Milandu yambiri yotere imathera pamenepa, chifukwa mwininyumba safuna kutchuka kuti amazunza matenanti. Zikakanika, nkhani ya ndalama zochepa chotere imapita ku khothi la majisitireti ngati mlandu wa pakati pa anthu awiri, ndipo amene sangakwanitse loya angafunse uphungu ku Legal Aid Bureau. Kupolisi si kumene amagamula za lendi, ngakhale mungapiteko ngati wina akukuopsezani kapena akutaya katundu wanu panja.

Musanapite kukhothi, werengerani moona mtima. Pa K30,600, mayendedwe, masiku ojomba kuntchito ndi ubale wowonongeka zingapose ndalamayo, ndipo mwininyumba angasankhe kusakuwonjezerani nthawi mgwirizano ukatha. Koma ngati theka la nyumba lakhala lotsekedwa miyezi itatu, kapena shopu yaima, ndalamayo ndi yoyenera kuitsatira.

Zolakwitsa zimene zimabwerezedwa

Choyamba tachitchula kale, kudula lendi pawekha, ndipo ndicho chimagwetsa anthu ambiri amene anali ndi mlandu wabwino.

China ndi kupempha zochuluka. Fumbi, phokoso la nyundo masana ndi amisiri odutsa pabwalo ndi zovuta zimene aliyense wokhala m'nyumba yokonzedwa amapirira. Mukayamba kulipiritsa zimenezi, kapena kufuna theka la lendi chifukwa cha khonde lokha, mwininyumba amasiya kumvetsera ngakhale pa khitchini pamene munali ndi mfundo.

Ena amatsekera amisiri kunja kuti akakamize mwininyumba kuvomera. Musatero. Mapangano ambiri amamulola kulowa kudzakonza akakudziwitsani, ndipo masiku amene ntchito yaima chifukwa cha inu simungawawerengere. Denga likapitiriza kudontha, adzati vuto ndi lanu.

Palinso kusasiyanitsa kukonza ndi kuwonjezera. Kufupi ndi Yunivesite ya Malawi eni nyumba ambiri amamanga zipinda zina za ophunzira pabwalo lomwelo, nthawi zina kugumula khoma kapena kutenga sitolo yanu. Kumeneko si kukonza nyumba yanu, ndi bizinesi yawo, ndipo ngati sitoloyo siidzabwerera, musawerengere masiku: pemphani lendi yatsopano yotsika, yolembedwa mu mgwirizano.

Chomaliza ndi kuvomera kuti denga lisasulidwe nyengo ya mvula popanda kufunsa kuti usiku lidzaphimbidwa ndi chiyani. Mvula ya kuphiri la Zomba imatsika mwadzidzidzi, ndipo kuyambira Novembala mpaka Epulo chipinda chimodzi chotseguka chingalowetse madzi m'nyumba yonse kudzera pa siling'i. Ngati ntchito siingadikire chilimwe, lembani mu mgwirizano kuti amisiri azisasula gawo lokhalo limene angakhome tsiku lomwelo, lona wophimbira akhale pamalo asanayambe, ndipo matiresi anu asamutsidwire mbali ina ya nyumba msomali woyamba usanazulidwe.